"Pang'onopang'ono ndi mtolo": mphunzitsi wa masamu amatanthauza mtolo wa chiyani?

Nachisale_wa_Masamu

Akuluakulu ndithandizeni. Dzulo tinali pa njira ziwiri zoyerekezera intigilo, ya trapeziyamu ndi ya parabola, ija ena amati ya Simpson. Mphunzitsi atalemba fomula ya era, kutanthauza kuphonya kwa yankho, pa bolodi anatembenuka n'kunena kuti "pang'onopang'ono ndi mtolo", anthu n'kuseka, nthawi n'kutha. Ine mwambiwu ndinakulira nawo, agogo ankaunena tikamatola nkhuni kuti kamtengo kamodzikamodzi mapeto ake umasenza. Koma apa sindikumva. Mtolowo ndi eriya imene tikuphatikiza kuchokera ku tizidutswa, kapena ndi era imene ikuunjikana? Chifukwa ngati ndi era, ndiye kuti kudula tizidutswa tambiri n'kudzionjezera mavuto.

Chimwemwe92

Ndi eriya basi, chemwali. Umadula malo apansi pa mzere wokhota m'timizere, kamzere kalikonse n'kukatenga ngati trapeziyamu, n'kuphatikiza. Mtolo ndi umenewo. Musaganize kwambiri, aphunzitsi amangokometsa phunziro.

Nachisale_wa_Masamu

Akanaunena polemba fomula ya eriya ndikanavomera. Anaunena dzanja lili pa h³ ndi h², ndipo ndi pomwe ndasokonezekera. M'notsi mwanga muli h³ pamwamba, pansi pake h², pa lamulo limodzi lomwelo.

Mjomba_wa_ku_Dwangwa

Mwambiwu kwathu sunenedwa pa zabwino zokha ayi. Amauzanso munthu wokonda kukongola pagolosale, lero sopo, mawa mchere. Ngongole nayo ndi mtolo. Ndiye mwanayu sanalakwe kufunsa.

aPhiri_opuma

Mwana wanga Nachisale, h³ ndi h² wakoyo ndiye yankho, ndipo notsi zako sizinalakwe. Ndinaphunzitsa zimenezi zaka zambiri, ndiye ndilole ndiyende nawe bwinobwino.

Tenga kamzere kamodzi, mulifupi mwake h. Pamwamba pake mzere weniweni ndi wokhota, koma iwe ukuyika denga lowongoka. Kampata kotsala pakati pa denga lako ndi mzere wokhotawo ndiko era ya kamzereko, ndipo kukula kwake ndi pafupifupi h³/12 kuchulukitsa ndi f″ wa pamenepo. f″ akungoyeza kuti mzerewo wapindika motani. Aka ndiye kankhuni kamodzi.

Tsono tinkhuni tilipo tingati? Tilipo n, ndipo n = (b − a)/h, pomwe a ndi poyambira, b ndi pothera. Ukachulukitsa h³ ndi chiwerengero chimene h ali pansi, h mmodzi amadyeka, n'kutsala h². Choncho era imaunjikanadi monga ukuopera. Koma ukadula kamzere kalikonse pakati, tinkhuni timachuluka kawiri pomwe kalikonse kakuchepa ka 8. Mtolo wonse ukupepuka ka 4.

```
|E_T| ≤ K₂ (b − a)³ / (12 n²)      K₂ = max |f″|
|E_S| ≤ K₄ (b − a)⁵ / (180 n⁴)     K₄ = max |f⁗|
```

Usangondikhulupirira, tenga kakyuleta. Yesa 1/x kuchokera pa 1 kufika pa 2, poti yankho tikulidziwa kale, ndi ln 2 = 0.693147. Ndi timizere tiwiri trapeziyamu ikupatsa 0.708333, yaphonya ndi 0.015186. Ndi tinayi ikupatsa 0.697024, yaphonya ndi 0.003877. Ndi 8 ikupatsa 0.694122, yaphonya ndi 0.000975. Gawa era iliyonse ndi yotsatira yake, upeza 3.9, kenako 3.98. Ikukwawira ku 4. Uonenso kuti mayankho onsewa ali pamwamba pa ln 2. Si mwangozi. Mzere wa 1/x ndi wolowa pansi ngati mbale, ndiye denga lowongoka limadutsa pamwamba pake nthawi zonse.

Chimwemwe92

Chabwino a Phiri, ndagonja pa h³. Koma ndayesa fomula yanuyo ndipo siikugwirizana. f″ = 2/x³, wamkulu kwambiri ndi 2 pa x = 1. Ndi n = 4 ndapeza 2/192, pafupifupi 0.0104. Inu mukuti era ndi 0.0039. Wina walakwitsa.

aPhiri_opuma

Palibe walakwitsa, Chimwemwe, taona chizindikiro chili pakatipo. Chikuti era siingapyole pamenepo, sichikuti ndi imeneyo. Fomulayo yatenga malo opindika kwambiri, pa x = 1, n'kuyesa ngati njira yonse ndi yopindika choncho, pomwe pofika pa x = 2 f″ watsika kufika pa 0.25. Ndiye imakuopseza mopitirira. Ntchito yake ndi yokuuza usanayambe kuti n wakuti akukwanira ndithu. Ana ambiri ndinkawachotsera malikisi pomwepa, ankalemba kuti "era ndi 0.0104".

Nachisale_wa_Masamu

Zikomo bambo, za trapeziyamu zalowa. Nanga ya parabola bwanji ikulumpha kuchoka pa n² kufika pa n⁴? Ine ndimayembekezera n³, poti parabola yangoposa mzere wowongoka ndi sitepe imodzi.

aPhiri_opuma

Funso limenelo ndi la munthu amene akuganiza. Parabola imadutsa pa mfundo zitatu, ndiye imatenga timizere tiwiritiwiri, n'chifukwa chake n ayenera kugawika ndi 2. Chimene chikanayenera kuivuta koyamba ndi mbali ya x³. Koma x³ ukamuyang'ana kuchokera pa mfundo ya pakati, chimene wakwera kumanja ndi chomwe watsika kumanzere, ndiye zophonyazo zimafafanizana zokha. Yesa x³ kuchokera pa 0 kufika pa 2: (1/3)(0 + 4×1 + 8) = 4, ndipo yankho lenileni ndi 4 ndendende. Sitepe imeneyo umapatsidwa ngati basera. Era yoyamba kutsala ndi ya f⁗, h⁵ pa timizere tiwiri tilitonse, h⁴ pa mtolo wonse. Kudula pakati kukuyenera kuchepetsa era ka 16.

Pa 1/x yathu ija, n = 2 ikupatsa 0.694444, n = 4 ikupatsa 0.693254, n = 8 ikupatsa 0.693155. Era yachepa ka 12, kenako ka 14.5. Sinafike pa 16 poti h akadali wamkulu, koma ikupita komweko. Taona kuti parabola ya timizere tinayi yaphonya ndi 0.000107 yokha, pomwe trapeziyamu ya 8 yaphonya ndi 0.000975.

Ndipo pali kachinsinsi kamene ndimakakonda. Ngati era ya trapeziyamu imachepa ka 4, ukhoza kuichotsa mwadala: tenga (4×0.697024 − 0.708333)/3, upeza 0.693254. Ndi yankho la parabola lomwe lija, osati longofanana nalo. Lamulo la Simpson ndi matrapeziyamu awiri amene mbali ya h² yafafanizidwa.

Mjomba_wa_ku_Dwangwa

Ine za f⁗ zandidutsa pamutu, koma lamulo la Simpson ndinaligwiritsapo ntchito poyeza dimba la mlamu wanga m'mbali mwa mtsinje. Tinakoka chingwe chowongoka cha mamita 60, ndipo pa mamita 10 alionse tinayeza kukafika kugombe: 12, 15, 19, 22, 21, 17, 14. Trapeziyamu inandipatsa 1070, Simpson inandipatsa 1073 ndi kanthu. Mlamu anasankha ya Simpson poti ndi yaikulu. Ndiye a Phiri mundiuze, yoona ndi iti, chifukwa nkhaniyi inafika mpaka kwa amfumu.

aPhiri_opuma

Achimwene, masamu anu ndabwereza, ali bwino, ndi 1070 ndi 1073.3. Trapeziyamu yachepa chifukwa gombe lanu latukumuka pakati ngati msana wa kamba, denga lowongoka likudutsa mkati. Koma musakanganirane masikweya mita atatuwo. Gombe la mtsinje mumaliyeza pati, pamene pathera bango kapena pamene payambira madzi? Mukangosuntha ndi theka la mita m'litali monsemo, mwasintha ndi masikweya mita 30. Mafomula ndalemba aja amawerenga era ya denga lokha, amayesa ngati manambala anu ndi angwiro. Era ya tepi siichepa ka 4 kapena ka 16 ngakhale mutayeza pa mita iliyonse.

Tadala_injiniya

Ndionjezeko pa za 16, chifukwa ine zinandigwetsapo pa asainimenti. Ndinalemba kapulogalamu, ndinayesa √x kuchokera pa 0 kufika pa 1, yankho lake 2/3. Simpson ya n = 2 inapereka 0.638071, ya n = 4 inapereka 0.656526. Era inachoka pa 0.0286 kufika pa 0.0101, kuchepa ka 2.8 kokha. Ndinatha usiku wonse ndikusaka cholakwika mu kodi, koma munalibe. Pa x = 0 mzere wa √x umanyamuka choimirira, f″ ndi f⁗ alibe malire pamenepo, ndiye K₄ kulibe ndipo fomulayo siikulonjeza kanthu. Ngakhale muchulukitse n bwanji zimakhazikika pa 2.83, trapeziyamu chimodzimodzi. Kuyambira pomwepo ndimawerengera n, 2n ndi 4n n'kuona mmene kusiyana kwa mayankho kukuchepera. Sipafunika kudziwa yankho lenileni. Ndikaona nambala yakutali ndi 4 kapena 16 ndimadziwa kuti penapake pali ngodya kapena phompho.

Chimwemwe92

Ndiye ingoikani n ya mabiliyoni nkhani ithe, kompyuta siitopa.

Tadala_injiniya

Apo ndiye mantha a Nachisale amakwaniritsidwa. Kompyuta imasunga madijiti pafupifupi 16 okha, ndipo pophatikiza paliponse imadula kamchira. Timichira timeneto sitichepa h akamachepa, timangochuluka ndi n. Pamafika pamene era imaleka kutsika n'kuyamba kungovinavina. Pa 1/x Simpson imafika pamenepo n ikadali m'masauzande chabe.

Gogo_Nabanda

Pepani ana anga, ine ndinalowa poona mwambi. Chimene ndinganene n'choti mtolo si mulu. Mulu umangounjika, mtolo umamanga ndi luzi kuti usenzeke, ndiye mwambiwu ndi wa munthu wotola mwadala. Za ngongole akunena a Mjombazo ine ndimamva ngati n'zopotoza za masiku ano. Kaya era yanuyo mumaitola mwadala kaya imangobwera, mukudziwa ndinu.

aPhiri_opuma

Mayi mwatigwira pakamwa. Era sititola mwadala, ndiye mwa kumva kwanu Chimwemwe ndi amene analondola poyamba paja. Ine ndikadali kumbali ya a Mjomba.

Poti tili pa mawu akale, dzina lakuti Simpson nalonso lili ndi nkhani. Thomas Simpson, Mngelezi amene anayamba ngati woluka nsalu, analemba lamuloli mu 1743, koma ena ankalidziwa kale. Ajeremani amalitchula ndi dzina la Kepler, "lamulo la mgolo", kuchokera ku buku lake la mu 1615 la kayezedwe ka migolo ya vinyo.

Nachisale_wa_Masamu

Ndabwereza manambala a 1/x, atuluka monga mwanenera, kupatula kuti pa n = 8 ndinayamba ndasokoneza 4 ndi 2 pa mfundo za pakati n'kupeza 0.63. Lachinayi tili ndi kalasi, ndikawafunsa eniake kuti mtolo wawo unali uti. A Mjomba, mlandu wa dimba uja amfumu anaugamula bwanji?

Mjomba_wa_ku_Dwangwa

Usanagamulidwe madzi anasefukira, gombe linasuntha. Tikayezanso mvula ikatha.