Kalata yokana makina osokera

A Mlembi: Mwaswera bwanji abale a kwathu ku Chingale. Ndalemba kalata yoyankha bungwe lija likufuna kutipatsa makina osokera 15. Ndikumbutse kuti makinawo akubwera ndi pangano loti kwa zaka 2 ife tipeze nyumba, mlonda ndi telala wophunzitsa achinyamata, ndipo tizitumiza lipoti miyezi itatu iliyonse. Nayi kalatayo, iunikeni.

"Talandira kalata yanu ya pa 6 Meyi, ndipo tikuthokoza kwambiri kuti mwa magulu onse a m'boma la Zomba munaganizira ife. Komiti yathu inakumana pa 17 Meyi ndipo yagwirizana kuti sitilandira makinawa. Malamulo a gulu lathu amatipatsa ntchito imodzi, yokonza ndi kusamalira mijigo m'midzi ya kwathu. Tilibenso ndalama zoyendetsera sukulu ya zosoka. Mukalola, tikulumikizani ndi komiti ya chitukuko ya dera lathu, yomwe ikudziwa magulu ophunzitsa ntchito zamanja. Mukadzakhala ndi ntchito ya madzi, tidzakondwa kukhala nanu pansi."

Che Amidu: Ine mtima ukundipweteka. Anyamata kwathu akungokhala, ife n'kumakana makina 15? Tilandire, zikativuta tigulitse, ndalamayo tigulire zipangizo za mijigo.

A Msungichuma: Che Amidu, tikasaina panganolo makinawo si athu ogulitsa. Akadzabwera kudzawerenga n'kupeza 9, dzina la gulu lathera pomwepo. Onaninso thumba lathu. Amene amasonkha mokhulupirika ndi anthu 60, aliyense K2,000, ndiye K120,000 pamwezi. Tikalipira nyumba, mlonda ndi telala sipatsala kanthu, pomwe mijigo 4 ya Afridev ikudikira ndodo ndi malabala. Mapanga awiri avumbwitsa.

Anaphiri: Pepani ndangolowa kumene. Ndiye bungwelo lapezeka kuti ndi lachinyengo? Chifukwa mwana wanga anamaliza fomu 4 ndipo amafunitsitsa zosoka.

A Mlembi: Ayi mayi, bungwelo lilibe vuto. N'chifukwa chake m'kalatamo mulibe mawu owadzudzula. Mphatso ndi yabwino, koma yagogoda pakhomo lolakwika.

Che Amidu: Chabwino, koma mawu oti "sitilandira" akuuma kwambiri. Tilembe kuti "padakali pano sitinakonzeke". Munthu wokupatsa chinthu sumuyankha ngati wakulakwira.

A Tcheya: Pa ulemupo mukunena zoona, achimwene. Koma mawu amenewo ndinapsa nawo. Ndili m'komiti ya sukulu tinalembera anthu ena "padakali pano", ife tikutanthauza ayi. Iwo anamva kuti tidikireni. Anasunga katunduyo miyezi itatu, kenako anabwera ndi lole atauza kale amene amawapatsa ndalama kuti malo apezeka. Kuwabweza tsiku limenelo kunali kochititsa manyazi, ndipo sanatilemberenso. Akamva ayi lero, mawa ayamba kufunafuna gulu lina. Ulemu tiuike m'kuthokoza ndi m'kuyankha msanga, koma ayi amveke kuti ndi ayi.

Abiti Saidi: Ine changa ndi chiganizo cha ndalamacho. Nanga akayankha kuti mlonda ndi telala tilipira ndife, tidzati chiyani? Tidzakana kachiwiri, ndipo adzaona ngati chifukwa choyambacho chinali chonama. Ngati tikukana chifukwa ntchito yathu ndi ya madzi, tilembe chokhacho. Chifukwa chilichonse chowonjezera chikuwapatsa poyambira kutinyengerera.

A Msungichuma: Apo sindinaganizepo. Komabe ndalamazo ndi zoona, mayi.

Abiti Saidi: Ndi zoona, koma ndi zokambirana ife m'nyumba muno. M'malo mwake a Mlembi alembe kuti taona ubwino wa maphunzirowo kwa achinyamata, kuti adziwe kuti kalata yawo tinaiwerenga bwino.

A Mlembi: Ndachotsa cha ndalamacho, ndaikapo kuti "Tikuona kuti maphunzirowa angathandize achinyamata ambiri, ndipo tikufuna apite m'manja mwa amene ntchitoyi amaidziwa."

Che Amidu: Nanga komiti ya dera mwailemba m'kalatayo mwaifunsa? Ndipo a Gulupu akudziwa? Akadzamva kwa ena kuti makina anabwera ife n'kuwabweza, tidzayankha mlandu.

A Tcheya: Apo mwatigwira. Sitinawafunse. A Mlembi, kalata isapite kaye. Mawa ndipita kwa a Gulupu ndi kwa wapampando wa komitiyo. Akavomera, chiganizocho chikhale, akakana tichichotse. Koma pofika Lachisanu ikhale yapita, yosainidwa ndi ine ndi inu, yodindidwa, ndipo ina itsale m'faelo.

Che Amidu: Isainidwe, koma pa msonkhano waukulu wa Disembala ndidzafunsa ngati malamulo athuwa sangakuzidwe kuti achinyamata alowemo.

Anaphiri: Makinawo akapeza kolowera mudzandiuze, ndikamulembetse mwanayu.