Kalata ya kwa ahedi ija, tionepo isanapite

Mlembi: Akuluakulu, kalata ija ndalemba. Pakati pake ikuti: tikupempha kuti sukulu izipereka mapadi aulere kwa atsikana onse, ndiponso kuti akhale ndi zimbudzi zaukhondo zawozawo. Ngati palibe chotsutsa ndikasiya Lolemba.

Mphunzitsi wopuma: Alembi, musakasiye choncho. Ahedi akawerenga, avomera kuti nzoona, nkuiika mu kabati. Mulibe chinthu chimene angayambe kuchita mawa. Lembani manambala. Atsikana amene anayamba kusamba pasukulupo ndi pafupifupi 200, zimbudzi zawo ndi zitatu, ndipo ziwiri zilibe zitseko. Malangizo a WHO ndi UNICEF a 2009 amati chimbudzi chimodzi chikhale cha atsikana 25. Ndiye kuti 200 okhawo akufunika zimbudzi 8, osawerengera ang'onoang'ono aja.

Bambo a mapasa: Zimbudzi zinanso? Muyambe mwatiuza kumene kunapita simenti ya laibulale.

Msungichuma: Malisiti ndinaonetsa pa msonkhano. Inu simunabwere, achimwene.

Bambo a mapasa: Malisiti a matumba amene palibe anawaona.

Mphunzitsi wopuma: Za simenti dikirani. Kumanga kutenga nthawi, nchifukwa chake kalata igawe pempho pawiri. Za sabata ino zikhale pamwamba: zitseko ziwiri zija zibwezeretsedwe, chilichonse chikhale ndi chotsekera cha mkati, osati loko wa kunja amene kiyi wake amakhala ndi alonda. Mkati momwemo mukhale ndowa ya madzi, sopo, bini yovindikira ndi msomali wokolekapo chikwama. Madzi akakhala pabwalo, mtsikana amene wadetsa siketi sangapite kukachapa anyamata akuona. Amamanga juzi m'chiuno nkumapita kwawo, ndipo mumazindikira chifukwa mpando wake umakhala wopanda munthu ikatha buleki.

Wapampando: Amayi, muno muli abambo ndi ana athu. Nkhani zoterezi simungakambirane amayi nokha?

Namwino: Pepani a Wapampando, koma amene adzasainire kalatayi ndinu. Mukasainira chimene simunamve?

Mnyamata wa zomangamanga: Ine ndimati tingogula mapadi ochapa aja kamodzi, nkhani ithe. Amakhalitsa.

Namwino: Amakhalitsa ndithu, ena kupitirira chaka. Koma amafuna madzi, sopo ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka aume. Mwana akamachita manyazi amayanika pansi pa matiresi, nkuvala achinyezi, kenaka kuyabwa ndi zotupa. Ndiponso wasintha kusukulu, yogwiritsa ntchitoyo aisunga pati mpaka poweruka? Pafunika kathumba kosadontha.

Mphunzitsi wopuma: Apo mwanena, mwanawe. Tsopano mapadi otayawo. Alembi mwalemba kuti aulere kwa onse, koma munawerengera? Padi imasinthidwa pakatha maola 4 mpaka 6, ndiye nthawi ya sukulu yokha mtsikana afuna ziwiri pa tsiku. Masiku 5, mapadi 10. Atsikana 200, ndi mapadi 2,000 mwezi uliwonse. Ahedi akangoona zimenezo akana zonse, ndi zitseko zomwe. Ine ndikadapempha kaye bokosi la mwadzidzidzi, la amene msambo wamuyamba ali m'kalasi kapena alibiretu, pamodzi ndi siketi ziwiri zobwereka. Lisungidwe ndi mphunzitsi wamkazi amene atsikana asankha okha, osati mu ofesi ya ahedi. Palibe mwana angagogode pamenepo pali aphunzitsi aamuna. Ndipo pasakhale kaundula wa mayina, azingolemba kuchuluka kwa mapadi amene atuluka.

Bambo a mapasa: Popanda mayina? Ndiye adzathera mu mahandibagi a aphunzitsi. Simenti inapita choncho.

Msungichuma: Mukatchulanso simenti ndituluka mu gulu lino.

Mayi a kumpoto kwa mtsinje: Wanga anasiya kumwa madzi m'mawa kuti asafune chimbudzi cha kusukulu. Amabwera mutu ukumupweteka. Ine za mapadi ndimakwanitsa, koma fungo lija ndani amakolopa?

Namwino: Alembi, onjezanipo zotaya. Mapadi ali ndi pulasitiki, saola. Akamaponyedwa m'dzenje limadzadza msanga, m'chimbudzi cha madzi amatseka mapaipi. Kalata ifunse amene azikhuthula bini ndi kumene zizikathera.

Mnyamata wa zomangamanga: Bwanji osangotentha kuseri kwa zimbudzi?

Namwino: Pamtunda ayi, utsi wa pulasitiki suyenera ana. Pakufunika ng'anjo yomangidwa bwino, patali ndi makalasi.

Mphunzitsi wopuma: Ndipo kumapeto mupemphe tsiku lokumana ndi ahedi ndi komiti ya sukulu, atsikana awiri akhalepo. Mapadi a onse aja muwaike m'munsi, ngati nkhani yoti tifunire limodzi thandizo.

Namwino: Apo ndiye sindikugwirizana nanu, amayi. Tikapempha zochepa atipatsa zochepa. 2,000 yo ilembedwe poyera.

Wapampando: Ine sindisaina kufikira nditadziwa ngati gulu likulonjeza ndalama kapena ayi.

Mlembi: Ndiye Lolemba ndipite nayo iti?

Bambo a mapasa: A Msungichuma atuluka. Wina awabwezeretse, sanayankhe.