Andigwetsa pa intavyu ndi funso la p, ndinalakwa pati?

Tiyamike: Anzanga, ndangotuluka mu intavyu ndipo mutu ukuwawa. Funso linali la mayeso a A/B, oyerekeza masamba awiri a pa intaneti kuti ogulitsa kwambiri ndi ati. Tsamba A anthu 10,000, agula 500. Tsamba B anthu 10,000, agula 570. Ndinawerengera pomwepo, z pafupifupi 2.2, p pafupifupi 0.03. Ndinati B yapambana, pali mwayi wa 97 peresenti kuti B ndi yabwino. Mayi wofunsayo anangolemba kenakake osayankha. Kenako akuti, "Mayesowa amayenera kutha masiku 14, koma bwana ankayang'ana tsiku lililonse ndipo anawaimitsa patangotha masiku asanu ataona nambalayi. Mukusintha yankho?" Ine ndinati ayi, p ndi p. Ndafika kunyumba ndayesanso mu pulogalamu ya R:

```
prop.test(c(500, 570), c(10000, 10000), correct = FALSE)
```

Ikubwera 0.028. Ndiye cholakwika n'chiyani?

Mphatso: Masamu anu ali bwino achemwali, chakugwetsani ndi pakamwa. Za 97 peresentizo ofunsa amachita kuzidikirira. p imayamba yaganiza kuti A ndi B n'zofanana ndendende, kenako imafunsa kuti kusiyana kwa chonchi kapena koposa apa kungatuluke kangati mwangozi. Apa ndi pafupifupi katatu pa 100. Siikunena mwayi woti B ndi yabwino. Ikanatha bwanji, poti yayamba ndi kuganiza kuti palibe kusiyana?

Yamikani: Ine ndikuona kuti vuto ndi sampulo basi. Anthu 10,000 mbali imodzi ndi ochepa. Akanakhala 200,000 nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Mphatso: Funso lachiwiri lija silikukhudza kukula kwa sampulo, achimwene. Malire a 0.05, oti p ikatsika pansi pake mumalengeza wopambana, amagwira ngati mwasankhiratu chiwerengero cha anthu n'kuyang'ana kamodzi pamapeto. p imakwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku. Mukamasuzumira n'cholinga choimitsa ikangotsika, mukudzipatsa mipata yambiri yopambana mwabodza. Pamayeso oti A ndi B n'zofanana, kusuzumira kasanu kumakweza mwayi wolengeza wopambana wabodza kuchoka pa 5 kufika cha pa 14 peresenti. Kakhumi ndi cha pa 19. Ngati munakonzeratu kuyang'ana kasanu, njira ya Pocock imafuna p yotsika kuposa 0.016 pa kuyang'ana kulikonse. 0.028 yanuyo siidutsa pamenepo.

Yamikani: Koma sampulo ikakula p imakhazikika. Ndakhala ndikuziona.

Mphatso: Imakhazikika ngati kusiyana kulipodi. Ngati kulibe, imangoyendayenda ngakhale anthu akhale miliyoni. Yesani kugawa gulu limodzi pawiri, onse aone tsamba lomwelo, muzisuzumira tsiku lililonse. Bwerezani ka 1,000 pa kompyuta muwerenge kuti "mwapambana" kangati.

Chikondi: Ine zanga zinali zina. Kumene ndinkagwira kale tinasangalala sabata yathunthu, tsamba latsopano likugulitsa kwambiri, p yaing'ono zedi. Mnzathu wina anangofunsa kuti bwanji tagawa pakati ndi pakati koma A ili ndi anthu 50,000, B 48,800. Tinamuseka, ati ndi anthu 1,200 okha. Atayesa `chisq.test(c(50000, 48800))` p inabwera cha pa 0.0001. Tsamba B limachedwa kutseguka, ndiye a mafoni ofooka amatuluka asanalembedwe n'komwe. Otsalawo anali oleza mtima, ogula kale. Manyazi ake, lipoti linali litapita kwa mabwana. Kuyambira pamenepo ndisanayang'ane wopambana ndimayamba ndawerenga kuchuluka kwa anthu a mbali iliyonse.

Tiyamike: Ndiye ndikanayankha kuti B siyabwino?

Mphatso: Ayinso, kumeneko n'kugwera mbali ina. Ine ndikanati B ikuoneka ngati ili patsogolo, 5.7 peresenti pa 5.0, koma mpata wa 95 peresenti wa pomwe kusiyana kwenikweni kungakhale ukuyambira cha pa 0.1 mpaka 1.3. Phindu litha kukhala lalikulu, litha kukhala losakwanira n'kulipira ntchito yosinthayo. Ndipo poti anaimitsa nambala itakoma, 0.7 ameneyo mwina ndi wokokomeza. Kenako ndikanawafunsa iwowo: munagwirizana zotani musanayambe, ndipo munayeza zinthu zingati? Ngati anayeza 20 zosadalirana, mwayi woti chimodzi chitsike pansi pa 0.05 mwangozi ndi pafupifupi 64 peresenti.

Chikondi: Masiku asanu sakwananso sabata. Ogula Loweruka sachita ngati a Lachiwiri. Komanso chinthu chatsopano anthu amachidina chifukwa chachilendo, pakapita masiku n'kusiya.

Dalitso: Pepani ndabwera mochedwa. Bwanji osangogwiritsa ntchito njira ya Bayes? Kumeneko mukhoza kunena kuti mwayi woti B ndi yabwino ndi wakutiwakuti, ndipo amati kusuzumira kulibe vuto.

Mphatso: Chiganizocho mukhoza kuchinenadi, bola munene kuti munayamba ndi chikhulupiriro chanji. Zoti kusuzumira kulibiretu vuto, pamenepo anthu amakanganabe. Mukaimitsa ikangofika 95 peresenti, mudzatulutsabe masamba opanda phindu ochulukirapo.

Yamikani: Zonsezi n'zabwino, koma ine ndikanawauza kuti aonjezere anthu.

Chikondi: Mpaka liti achimwene, mpaka p ikome? Ndiye bwana uja analakwa chiyani?