Ndithandizeni kupanga mawu oyamba ndi otsiriza kuchokera pa masilaidi anga

Anzanga, Lachisanu likudzali ndikukalankhula ku gulu la alimi a mtedza ku Katete. Ndili ndi masilaidi asanu ndi atatu ofotokoza za chuku chimene chimawononga mtedza. Apampando awona kale masilaidiwo ndipo anena kuti ndisawonjezepo chinthu chatsopano, chifukwa ndi omwe gulu lavomereza.

Vuto langa lili poyambira ndi pomalizira. Silaidi yoyamba ili ndi mutu wokha. Koma yachisanu ili ndi chithunzi cha manja a mayi atafumbata mtedza, mbali ina woyera bwino, mbali ina wakuda ndi chuku. Chithunzichi chimandikhudza kwambiri. Ndikuganiza zochibweretsa kutsogolo, ndiyambe ndi funso lakuti, "Mwa mitedza iwiriyi, ndi uti mungasinjire ana nsinjiro?" Kodi kusandutsa mawu a pansi pa chithunzi kukhala funso ndi kuwonjezera zatsopano, kapena ndikadali m'malire? Nanga ndikafika pa silaidi yachisanu, ndichiwonetsenso?

Kumapeto ndiko kwandivuta zedi. Silaidi yotsiriza imangoti "Zikomo". Yachisanu ndi chiwiri ili ndi malangizo anayi: kukumba pa nthawi yake, kuumitsa bwino, kusanyowetsa makoko posenda, ndi kusanjika matumba pa mitengo osati pansi. Ndikufuna kupempha chinthu chimodzi chokha choti akachite akafika kunyumba. Mtima wanga uli pa kusanyowetsa makoko, chifukwa sikufuna ndalama. Inu amene munachitapo zotere, mumasankha bwanji chimodzi osaoneka ngati mwataya zitatu zinazo?