Gulu la Banja: Lendi ya Amayi

Achimwene (Joni): Mwaswera bwanji nonse. Lendi ya amayi ya Malichi ndatumiza pa 4, K150,000, pa nambala ya mwana wa alandilodi uja amatolera ndalamayu. Sikirinishoti ndi iyo

Mayi a Tadala: Iii achimwene mwatani inu?? Lendi ija inachoka kale ku akaunti yanga pa 1, si ndinasayina kubanki kuti izidzichokera yokha mwezi ndi mwezi kupita ku akaunti ya eni nyumba? Tinagwirizana pa Khirisimasi kuti inu muzingoona za mankhwala ndi magetsi

Achimwene (Joni): Eish ndinaiwaliratu. Ndiye kuti yalowa kawiri, K300,000

Chisomo: Kkkkk alandilodi agona bwino mwezi uno. Auzeni abweze basi

Malume: Ayi, zobweza muiwale. Lero ndi pa 9, mnyamata uja anakatapa kale kwa ejenti, ndipo munthu wa nyumba ukamuuza kuti bweza amati bwerani mawa, mawa lake osafika. Pemphani kuti yachiwiriyo ikhale ya Epulo, pamenepo satulutsa kalikonse m'thumba ndiye kukana kumavuta

Mayi a Tadala: Ndiwaimbire foni?

Malume: Imbani koma kalata ikhalepo. Vuto lake ndi ili, ndalamazi zinalowa m'manja awiri, ina kubanki kwa bamboyo ina pa foni ya mwana wawo, ndiye mwina aliyense akudziwa yake yokha, bamboyo akayang'ana kubanki aona imodzi basi n'kumati palibe cholakwika, kenako pa 5 Epulo mnyamata uja ali pakhomo pa achemwali ku Chilomoni kufuna lendi, achemwali ndi BP yawo ija

Chisomo: Ndalemba kale apa, onani: "Bambo, tinalipira kawiri mwangozi, chonde mutiganizire."

Malume: Mutiganizire chani? Akakugulira fanta wakuganiziratu. Tchula ndalama, masiku ndi mwezi womwe ukufuna

Azakhali: Komanso mawu oti ndalama yotsala musalembemo. Ine zinandionekera ku Zomba, ndinalemba choncho eni nyumba n'kuti aa ndiye ikhale dipoziti yoonjezera, mudzatenga potuluka. Potuluka anati yapita ku penti

Mayi a Tadala: Chabwino ndayesa iyi:

"Bambo, ndikulemba m'malo mwa amayi anga amene akukhala m'nyumba yanu ku Chilomoni. Lendi ya Malichi yalipiridwa kawiri chifukwa cha kusamvana kwa ife ana. K150,000 yoyamba inalowa mu akaunti yanu ya kubanki pa 1 Malichi kuchokera kwa ine. K150,000 yachiwiri inatumizidwa pa foni ya mwana wanu pa 4 Malichi kuchokera kwa achimwene anga. Umboni wa zonse ziwiri, pamodzi ndi manambala ake, ndaphatikiza. Sitikupempha kuti mubweze. Tikupempha kuti yachiwiriyo muiwerengere ngati lendi yonse ya Epulo, mutilembere lisiti ya Epulo, ndipo tidzayambirenso kulipira pa 1 Meyi. Ngati mwavomera, chonde sayinani m'munsimu. Zikomo bambo."

Malume: Ehee, imeneyo ndiye kalata. Mawu oti lendi yonse ya Epulo asachoke, apo ayi adzadulapo za madzi zija amakangana ndi achemwali za mita yogawana, n'kumati Epulo yaperewera. Za madzi ndi nkhani ina, tsiku lina

Achimwene (Joni): Nanga zomwe anandidula potumiza? Tiikemo?

Malume: Zimenezo zapita aphwanga, kulakwa n'kwathu, iwo analandira K150,000 yokha ndiye timatchula yomweyo

Mayi a Tadala: Achimwene sikirinishoti yanu yaduka m'munsi, nambala ya thiranzakishoni sikuoneka, dzina la wolandira nalonso silikuoneka. Tumizani meseji yonse ija yotsimikizira. Ine mawa nditenga sitetimenti kubanki ndibisa mizere inayo, asaone malipiro anga kkk

Azakhali: Mupulinte makope awiri, imodzi yawo ina asayine itsale kwa amayi mu Baibulo muja amasungamo malisiti. Ndipo mupereke m'manja mwa bamboyo, osati mwanayo, mwina sanawauze n'komwe

Chisomo: Ndipita ine Loweruka, ndili pafupi. Akakana kusayina?

Malume: Uwatumizire chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp uli pompo, akangoyankha kuti chabwino usunge. Koma ulankhule mwaulemu iwe, achemwali nyumba ija aizolowera

Azakhali: Mayi a Tadala, ya kubanki ija mwaimitsa? Ikadzichokeranso pa 1 Epulo tikhala tikulemba kalata yachiwiri

Mayi a Tadala: Mayo ine! Ndinaiwala. Mawa lomwe ndikawauza adumphe Epulo, akati sizitheka ndiimitsa kaye n'kudzayambitsanso ya Meyi

Achimwene (Joni): Meseji yonse ndi iyo, onani ngati nambala ikuoneka