Abwana andiimbira foni madzulo alionse ngakhale ndatumiza lipoti, ndikulakwitsa pati?

Fomani wa ku Dedza: Akuluakulu ndithandizeni, mutu wanga watentha. Ndili pa saiti ya buloko ya makalasi awiri, abwana ali ku Lilongwe amabwera kamodzi pa masabata awiri. Tsiku lililonse 5 koloko ndimatumiza lipoti pa Watsapu, koma pasanathe mphindi khumi foni yalira, mafunso mbwee, mpaka nsima kuzizira ndili chiimire pachulu pomwe pamagwira netiweki. Lero ndalemba chonchi: "Bwana ntchito ikuyenda bwino, tili pa 70%, simenti yatsala pang'ono, mabuloko akuchepa." Iwo akuti lipoti limeneli silikuwauza kanthu. Nanga akufuna ndilembe buku?

Wa Malata: Achimwene musavutike ndi zolembalemba. Jambulani zithunzi zinayi mbali zonse mutumize basi. Chithunzi sichinama.

Mayi Nachisale: Fomani, ine ndimalandira malipoti a masaiti atatu, ndiye ndikuuzeni mmene zimamvekera mbali inoyi. Ndikawerenga 70% funso langa loyamba ndi lakuti 70 ya chiyani, ya khoma kapena ya nyumba yonse? "Pang'ono" wa simentiyo ndi matumba atatu kapena makumi awiri? Munthu ali ku ofesi akufuna adziwe ngati mawa atumize lole kapena ayi, ndipo meseji yanuyo sikumuthandiza kugamula, nchifukwa chake akuimba. Tandiuzani manambala enieni: mabuloko onse a khoma ndi angati, mwayala angati, pansi atsala angati, mabilida alipo angati.

Fomani wa ku Dedza: Onse ndi 2,400 kufika pa bimu. Tayala 1,650. Pansi atsala 300. Mabilida anayi, patsiku amayala ngati 240 onse pamodzi zikayenda. Simenti matumba 14, timadya 6 patsiku. Zitsulo za bimu sizinabwere, ndinawauza sabata yatha.

Mayi Nachisale: Mwaonatu, zonse munali nazo m'mutu koma mumadikira akufunseni. Bwenzi mutalemba chonchi lero Lolemba:

"Bwana, chofunika kwa inu: mabuloko 500 afike pofika Lachitatu m'mawa, simenti matumba 10 pofika Lachinayi, ndi zitsulo za Y12 za bimu zomwe ndinapempha sabata yatha. Khoma: tayala 1,650 mwa 2,400, kalasi yoyamba yafika pa bimu, yachiwiri ili pamawindo. Pansi pali mabuloko 300, atha Lachitatu cha m'ma 9 koloko. Akafika pa nthawi yake khoma litha Lachisanu. Akachedwa mabilida anayi akhala chabe."

Makalasiwo ndangoyerekeza, inu mulembe mmene zililidi. Koma taonani kuti chimene mukufuna kwa iwo chili pamwamba penipeni, chifukwa abwana amawerenga mizere iwiri yoyamba ali pa chiwongolero kapena pamzere ku banki, zam'munsizo amaziona usiku. Ndalemba 500 osati 450 chifukwa ena amasweka potsitsa. Ndipo simenti ndaisandutsa masiku, matumba 14 pa 6 patsiku ndiye kuti Lachinayi m'mawa mwaima. Munthu amene sali pa saiti "matumba 14" samuopsa, koma "titha Lachinayi" amadzuka.

Wa Malata: Zonsezo chithunzi chimodzi cha mulu wa mabuloko chikanaonetsa. Bwana ali ndi maso.

Che Jafali: Ine nkhani ya mapesenti inandiwotcha. Zaka zapitazo ku Mangochi ndinalemba kuti nyumba ili pa 90% poti denga linali litakhomedwa. Mwini wake anali ku Joni, anauza mkazi wake asamuke kumapeto a mwezi, lendi anasiya. Kufika mayiwo ndi katundu pa lole apeza pulasitala mkati sitinayambe, pansi sipanasalazidwe, zitseko palibe. Anagona kwa achibale miyezi iwiri ndipo dzina langa linaipa mudzi wonse. 10% yomalizayo ndi imene imadya nthawi kuposa khoma. Kuyambira pamenepo sinditchulanso pesenti, ndimatchula chipinda ndi chimene chachitikamo.

Kamnyamata ka Waya: Bwanji osangotumiza voisi noti? Ine ndimalankhula mphindi zitatu zonse ndafotokoza, kulemba kumachedwetsa.

Mayi Nachisale: Mwana wanga, voisi ya mphindi zitatu ndikaimvera pati ndili mu miting'i? Ndipo pakatha mwezi tikamakangana kuti zitsulo munapempha liti, ndiyambe kumvera mavoisi makumi atatu? Zolemba ndimangosaka liwu loti Y12 tsiku latuluka.

Mdala wa Konkire: Chenjezo langa ndi pa liwu loti "tamaliza". Anyamata amalemba kuti bimu tamaliza pomwe angothira konkire tsiku lomwelo. Bwana akawerenga amatumiza akalipentala mawa lake kudzakweza mathirasi, pomwe konkire ikufunika kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yonse timaiwerengera pa masiku 28. Muzilemba kuti tathira Lachiwiri, tikuthirira madzi, mapulanga a m'mbali tichotsa tsiku lakuti, okhoma denga asabwere lisanafike tsiku lakuti. Kuthira, kuuma ndi kuvomerezedwa ndi injiniya ndi zinthu zitatu zosiyana, musaziphatikize m'liwu limodzi.

Chinanso, tsiku limene munalonjeza likasuntha nenani nokha msanga, ndi chifukwa chake. Osangosintha mwakachetechete Lachisanu kukhala Lolemba ngati bwana saona. Amaona, ndipo akakugwira kamodzi lipoti lako lililonse azilitsimikiza ndi foni mpaka kalekale.

Fomani wa ku Dedza: Apo mdala mwandilasa. Sabata yatha ndinati khoma litha Loweruka, mvula inatidula masiku awiri ndipo sindinanene, ndimaopa kukalipiridwa.

Wa Malata: Mukanajambula mvulayo bwenzi nkhani itatha.

Che Jafali: Aaa inunso a Malata! Chithunzi chionetsa bwanji kuti zitsulo zinapemphedwa sabata yatha? Ndipo ine ndinaonapo fomani akujambula khoma lomwelomwelo masiku atatu kuchokera ngodya zosiyana.

Wa Malata: Ameneyo ndi wakuba, vuto si chithunzi. Ine zaka 15 pa denga sindinalembepo ndime.

Mayi Nachisale: Denga limaoneka ndi maso a Malata, malata 40 mwa 60 aliyense awerenga. Chithunzi chizibwera pambuyo pa mawu ngati umboni, ndipo pansi pake mulembe kuti ndi khoma liti, lakummawa kapena lakumsewu, apo ayi ndiimbanso kufunsa kuti apa ndi pati.

Bambo a Tadala: Koma tinene zoona, pali mabwana ena olo ulembe bwino bwanji aimbabe, ndi chibadwa chawo. Wanga wakale ndinkamulembera zonse mpaka malita a dizilo wa mikisa, iye kuimba kudzafunsa zomwe zili pa mzere woyamba. Komanso samalani, mukazolowera kulemba kuti mabilida amayala 240 patsiku, tsiku lomwe ayale 180 chifukwa madzi anachedwa ku mjigo mudzafunsidwa ngati mwaba. Ine ndimalemba nambala yotsikirapo dala.

Mdala wa Konkire: Kutsitsa dala ayi, kumeneko ndi kunama komwe, ndipo katundu azibwera mochedwa chifukwa bwana awerengera nambala yabodzayo. Lembani 180 ndi chifukwa chake pa mzere womwewo, madzi anafika 10 koloko, basi.

Bambo a Tadala: Mdala inu simunagwirepo ndi bwana amene ndikunenayu.

Kamnyamata ka Waya: Pepani kupatutsa, mabuloko a mainchesi 8 ku Dedza mukugula kwa ndani? Amene tinatenga ife mwezi watha akungofumbutuka ukawagwira m'mphepete.