Kakhadi ka pa tebulo: foni ikalira koma woimba osayankhula

Mlembi wa pa kiliniki, Kasungu: Anzanga, tikulemba kakhadi komata pafupi ndi foni ya ofesi, kothandiza munthu akaimba koma ali zii, kapena akatumiza meseji yopanda mawu. Tilembepo chiyani?

Wa pa loji, Mchinji: Ambiri amakhala ongoflasha. Kuno chakufupi ndi Mwami netiweki imavutanso. Dulani, muwaimbire ndinu.

Mayi wa ku ofesi yosamalira anthu: Woflasha amadula musanayankhe, achimwene. Apa tikunena foni imene mwayankha, masekondi akuwerenga, mayunitsi ake akutha, koma iye sakudula. Ameneyo angakhale wovutika kumva kapena kuyankhula, wodwalika, kapenanso ali pafupi ndi munthu amene akumuopa.

Mzere woyamba: perekani moni kawiri, mudikire masekondi 10 mukumvetsera. Kupuma, kulira kwa mwana kapena kukalipa chapatali ndi umboni woti alipo munthu. Foni yodziimba yokha m'thumba imamveka kukhulana kwa nsalu basi.

Wachiwiri: nenani kuti, "Ngati simungathe kuyankhula, gogodani foni, kamodzi eya, kawiri ayi." Kugogoda kumaposa kudina batani, chifukwa batani limalira ndipo wapafupi angamve.

Wachitatu: funsani funso limodzi n'kudikira. Osati "chavuta n'chiyani?" ayi, limenelo siliyankhika ndi chala. "Muli pangozi?" Gogo. "Mukudwala?" Gogo gogo. "Alipo wina pafupi amene mukumuopa?" Gogo. Mukafika apa tsitsani mawu, mukodole mnzanu aitane akuluakulu, inu osadula. Malo muwapeza potchula madera limodzilimodzi: "Muli pa boma? Ku Santhe? Ku Chatoloma?"

Mlembi: Nanga wosamva? Malangizowo sawamva.

Mayi: N'chifukwa chake wachinayi ndi meseji. Foni ikaduka musaimbenso, tumizani meseji yoti: "Mwaimba pa nambala ino. Lembani 1 ngati tingalemberane." Musatchule matenda, nkhanza kapena dzina la ofesi, poti foni imodzi amabwerekana banja lonse. Yankho lomwelo ndi la meseji yopanda mawu kapena ya kadontho kokha. Wachisanu, lembani m'kaundula nthawi, nambala ndi zimene mwamva, kuti wolowa usiku adziwe nambalayo ikabweranso. Pansi pa kakhadiko muikepo 116 ya nkhani za ana ndi nambala ya ofesi ya chinsinsi ya pa polisi yakwanuko.

Wa ku sukulu, Kasungu: Ife vuto ndi ana oseweretsa foni za makolo. Tizibuloka?

Mayi: Musabuloke. Tsiku lina pa nambala yomweyo adzaimba mayi ake.

Wa pa loji: Koma zoletsa kuimbanso sindikugwirizana nazo. Wokomoka sawerenga meseji.

Mayi: Mukunena zoona, komanso foni ikalira pamaso pa wankhanza mwamugulitsa munthuyo. Ine ndimati mukamva kubuula popanda mawu a wina, imbani. Mukamva kukalipa, musaimbe.

Mlembi: Nanga pamene sipanamveke kalikonse? Mzere umenewo ndiusiya kaye, tikaufunse kwa akuluakulu Lolemba.